Laputopu yanga ya Core i5 ingakwanitse FC 25 ndi GTA V?

"Ndinagula laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, HP EliteBook 840 G5, ya Core i5-8250U, ramu 8 GB, malo osungira 256 GB. Ndikufuna EA Sports FC 25 ndi GTA V. Pa Steam alemba kuti FC 25 imafuna i5-6600K, ndiye wondigulitsa akuti yanga ya 8 ikuposa ya 6. Windows ikuonetsanso kuti ndili ndi 4 GB ya zithunzi. Koma ndemanga zikundisokoneza, ena akuyamikira, ena akuti gemu imadukaduka. Ndigule kapena ndingotaya ndalama ndi bandulo?" Wowerenga wa ku Zomba

Achimwene, mtima pansi, laputopu yanuyo si yoipa ndipo simunaberedwe. Ndakhala ndikutsegula ndi kukonza makina a mtundu umenewu kwa zaka zambiri, ndi olimba, ndipo pa ntchito ya mu ofesi kapena ya sukulu amatumikira bwino. Kungoti anapangidwira ntchito imeneyo. Yankho langa mwachidule ndi ili: FC 25 musagule, GTA V ingatheke koma yakale yokha, ndiponso mutavomera kuti zithunzi zikhala zofooka. Ndikufotokozerani mmene ndafikira pamenepo kuti gemu ina ikadzakukopani mudzathe kudziweruzira nokha.

Poyamba tiyeni tidziwe zenizeni zomwe zili m'kati mwa makinawo, osati za pa sitika kapena za m'kamwa mwa wogulitsa. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani mawu awa, kenako Enter:

```
dxdiag
```

Tsamba loyamba, la System, likuuzani pulosesa ndi ramu. Koma nkhani yagona pa tsamba la Display. Pa laputopu ngati yanu mupeza mizere yofanana ndi iyi, ngakhale manambala angasiyane pang'ono:

```
Name: Intel(R) UHD Graphics 620
Approx. Total Memory: 4160 MB
Display Memory (VRAM): 128 MB
Shared Memory: 4032 MB
```

Apo ndi pamene pachokera 4 GB yanu ija. Mzere wachiwiri umangophatikiza mizere iwiri yam'munsiyo, ndipo wam'munsi kwenikweniwo ndi ramu yanu yomwe ija ya 8 GB, imene Windows imalola kuti mpaka theka lake libwerekedwe pa ntchito ya zithunzi. Si chuma chowonjezera ayi. Gemu ikabwereka 2 GB pamenepo, Windows ndi gemuyo zatsala ndi 6 GB yoti zigawane. Opanga gemu akalemba kuti 4 GB pa mzere wa Graphics, amatanthauza VRAM, memori yomwe yamatidwa pa khadi la zithunzi loima palokha, yothamanga kangapo kuposa ramu wamba ndiponso yosagawana ndi chilichonse.

UHD Graphics 620 si khadi loima palokha. Ndi kachigawo ka m'kati mwa pulosesa yomweyo. Ma EliteBook 840 G5 ena ochepa anatuluka ndi khadi lina la AMD, choncho onaninso mu Task Manager, pa tsamba la Performance, ngati pali GPU 1, kutanthauza chipangizo chachiwiri cha zithunzi, kuwonjezera pa GPU 0. Mukapeza GPU 0 yokha ya Intel, ndiye kuti muli m'gulu la anthu ambiri, ndipo zotsatirazi ndi zanu.

Tsopano tiyeni tiike makina anu pambali pa zomwe FC 25 imafuna pa mzere wa Minimum. Imafuna Windows 10 ya 64-bit, pulosesa ya i5-6600K kapena Ryzen 5 1600, ramu 8 GB, khadi la GTX 1050 Ti kapena RX 570 la 4 GB, ndi malo okwana 100 GB. Anthu ambiri amawerenga kuyambira pamwamba, akafika pa ramu n'kuona kuti zikugwirizana, mtima wayera basi. Ine ndimayambira pa mzere wa khadi la zithunzi nthawi zonse, chifukwa pa laputopu za mu ofesi ndi pamene mlandu umathera. GTX 1050 Ti ndi khadi la 2016, lakale ndithu, koma lokha limatha kudya mawati 75 ndipo limakhala ndi choziziritsira chake. UHD 620 imatsalira kumbuyo kwake kangapo konse, osati pang'ono poti munthu angakonze pochepetsa kukongola kwa udzu wa m'bwalo. Gemu itha kutseguka, mwina n'kukufikitsani posankha timu, koma mpira ukangoyamba osewera aziyenda modumphadumpha, ndipo mukadina batani lopatsira mpira kuyankha kuzibwera mochedwa. Pa gemu ya mpira kuchedwa kotereku ndiye kwapha masewera onse.

Nanga za 8 ndi 6 zija? Wogulitsa wanena zoona pa chinthu chimodzi: nambala yoyamba imasonyeza m'badwo, ndipo pulosesa yanu ndi ya m'badwo wachisanu ndi chitatu pamene inayo ndi yachisanu ndi chimodzi. Chimene sanakuuzeni ndi chilembo cha kumapeto. U ndi pulosesa ya laputopu yopangidwa kuti isunge batire, ndipo yanu inapimidwira mawati 15. K ndi ya kompyuta ya pa tebulo, ndipo i5-6600K inapimidwira mawati 91, imayambira pa 3.5 GHz n'kukhala chomwecho tsiku lonse. Yanu imatha kukwera mpaka 3.4 GHz, ndipo pa ntchito ya masekondi ochepa siichita manyazi pamaso pa inzakeyo. Vuto limabwera ntchito ikatalika. Pulosesa ndi kachigawo ka zithunzi zimadyera m'mbale imodzi ya mawati 15 aja, ndiye gemu ikafuna zonse ziwiri nthawi imodzi, chimodzi chikadya kwambiri chinzake chimagona ndi njala. N'chifukwa chake gemu imayamba bwino pa mphindi zochepa zoyamba kenako n'kuyamba kulemera fani ikulira.

Msampha womwewu umagwiranso mbali inayo, ndipo GTA V ikutionetsa bwino. Yakale, imene inatuluka pa kompyuta mu 2015 ndipo tsopano imalembedwa kuti Grand Theft Auto V Legacy, imafuna pulosesa ya Core 2 Quad Q6600 ya 2.40 GHz, ramu 4 GB, ndi khadi la 9800 GT kapena HD 4870 la 1 GB. Munthu akaona kuti dxdiag yalemba 1.60GHz pa pulosesa yake amataya mtima, ati sindikufikapo. Ayi, Q6600 ndi ya 2007, ndipo yanu imaiposa kutali ngakhale nambala ikuoneka yochepa. Manambala a GHz amayerekezeka pakati pa mapulosesa a banja limodzi ndi m'badwo umodzi basi. Chimodzimodzinso 9800 GT: nambala yake ndi yaikulu kuposa 1050, koma ndi khadi la 2008, lofooka kwambiri poyerekeza ndi GTX 1050 Ti. Pa khadi lakale limenelo ndi pamene UHD 620 yanu imayandikira, moti pa GTA V yakale muli m'malire enieni a Minimum.

Samalani kwambiri ndi dzina. Mu Malichi 2025 kunatuluka ina ya pa kompyuta yotchedwa Grand Theft Auto V Enhanced. Nkhani yake ndi yomweyo, mzinda womwewo, koma Minimum yake ndi i7-4770, ramu 8 GB, khadi la GTX 1630 kapena RX 6400 la 4 GB, ndiponso 105 GB pa SSD. Imeneyo si ya makina anu. Musanalipire werengani pa tsamba logulira kuti mutsimikize kuti Legacy mukuipeza, ndipo potsitsa muonetsetse kuti mwadina yoyenera, chifukwa ziwirizi zimaoneka ngati magemu osiyana ndipo kulakwitsa pamenepa ndi bandulo ya magigabaiti 100 yopita pachabe.

Mawu akuti Minimum nawo musawakhulupirire mopitirira. Palibe lamulo logwirizanitsa makampani pa tanthauzo lake. Ena amalemba momveka kuti pamenepo gemu iyenda pa 720p kapena 1080p, zonse zili zotsika, zithunzi 30 pa sekondi. Ena salemba kanthu, ndipo zimangotanthauza kuti gemu itseguka ndipo mukadandaula akumverani. Recommended ndiye imayandikira zomwe mumaona m'mavidiyo otsatsa malonda. Nambala ya zithunzi pa sekondi, imene pa sikirini imalembedwa FPS, ndiyo muyeso wa zomwe dzanja lanu limve. Pa 60 zonse zimayenda myaa. Pa 30 gemu yoyendayenda m'tauni ngati GTA V imaseweredwa bwinobwino. Ikatsikira ku 20 kuyendetsa galimoto mothamanga kumasanduka ntchito, ndipo pansi pa 15 ndi chilango.

Malo osungira nawo ndi nkhani. SSD yolembedwa 256 GB imaoneka ngati 238 GB mu Windows, ndipo Windows yomweyo ndi mapulogalamu anu zatengapo kale gawo. Iliyonse mwa magemu awiriwa analemba kuti imafuna malo a 100 GB kapena kuposerapo, choncho ngakhale makina akanakhala amphamvu, awiri onse pamodzi sakanakwana bwino. Werengeraninso nthawi: pa intaneti ya 10 Mbps yosadukiza, 100 GB imatenga maola pafupifupi 22, osawerengera kuthima kwa magetsi ndi zosintha zomwe gemu imatsitsa pambuyo pake.

Tsopano ku ndemanga zomwe zakusokonezani. Chifukwa chake zikutsutsana n'choti anthuwo sakuyankha funso limodzi. Wina akuyamikira chifukwa gemu ndi yokoma, ndipo ali pa kompyuta ya khadi lamphamvu. Wina wakwiya ndi mitengo ya zogula m'kati mwa gemu, wina ndi anthu obera pa intaneti, wina akaunti yake yatsekedwa. Mawu a pamwamba aja, Mixed kapena Mostly Positive, amasonkhanitsa onsewa m'thumba limodzi. Akhoza kukuuzani ngati anthu akusangalala, koma za laputopu yanu sakudziwa kanthu. Olemba ndemanga m'manyuzi a magemu nawonso amayesera pa makina amphamvu kwambiri, kapena pa PlayStation, moti akati gemu ikuyenda bwino sakunama, kungoti sakunena za inu.

Pa Steam ine ndimachita chonchi. Ndimayerekeza Recent Reviews, zomwe ndi za masiku 30 apitawa, ndi ndemanga zonse. Zikasiyana kwambiri ndiye kuti china chasintha, mwina kampani yakonza vuto lomwe linalipo potuluka, mwina yatulutsa zosintha zomwe zaononga. Kenako ndimapita ku ndemanga zodandaula n'kudumpha zonse zomwe sizitchula makina. Ndemanga yoti "gemu yoipa, imadukaduka" ilibe ntchito. Yomwe ndimafuna ndi ya munthu amene watchula khadi lake, kukula kwa chithunzi, ndi FPS yomwe akupeza. Ndimayang'ananso maola omwe wasewera, amalembedwa pafupi ndi chithunzi cha chala choloza m'mwamba kapena pansi pa ndemanga iliyonse, komanso tsiku lomwe analemba.

Pali njira yowerengera madandaulo amenewa imene imathandiza kwambiri. Mukaona anthu a makhadi amphamvu kuposa Recommended akudandaula za kudukaduka, vuto lili mu gemu momwemo, ndipo inu amene muli pansi zikuvutani koposa. Mukaona kuti odandaula ndi a makina ofooka okha, gemu ilibe mlandu, mndandanda wa zofunika unanena zoona. Koma musatembenuze mfundoyi. Munthu wa khadi lamphamvu akati kwa iye zonse zili bwino, sanakuuzeni chilichonse chokhudza UHD 620. Ndipo mukaona ambiri akutchula vuto lofanana, monga gemu kukana kutseguka chifukwa cha pulogalamu yoletsa kubera kapena yolowera ku akaunti ya kampani, dziwani kuti limenelo silisankha makina, lingakugwereni ngakhale mutakhala ndi khadi labwino.

Umboni wabwino koposa ndi kuona gemuyo ikuyenda pa chipangizo chofanana ndi chanu. Pa YouTube musalembe dzina la laputopu, lembani dzina la gemu ndi la pulosesa ndi la zithunzi:

```
GTA V i5-8250U UHD 620 8GB
```

Vidiyo yodalirika imakhala ndi manambala pakona ya sikirini nthawi yonse, kawirikawiri ochokera ku pulogalamu ya MSI Afterburner, ndipo imaonetsa tsamba la makonzedwe gemu isanayambe. Onani dzina la GPU pa manambalawo, chifukwa laputopu zina za i5-8250U zili ndi khadi la MX150 kapena lina, ndipo mwini vidiyo satchula pa mutu. Onani kukula kwa chithunzi: ena amaonetsa FPS yokongola koma atsitsa chithunzi mpaka 800x600 moti zikwangwani za mumsewu siziwerengeka. Onani ngati ramu ili pa timitengo tiwiri kapena kamodzi, zimalembedwa kuti dual channel kapena single channel m'mafotokozedwe a pansi. Ndipo musaonere poyambira pokha. Pitani pakati pa vidiyo, pamene munthuyo akuthamangitsa galimoto pakati pa mzinda apolisi ali pambuyo. Kuima pa phiri n'kuyang'ana kumwamba makina alionse amakwanitsa. Ngati pali nambala yolembedwa 1% low, imeneyo ndiyo ikuuzani za kudukaduka, chifukwa imapima nthawi zoipitsitsa. Avereji ya 30 yokhala ndi 1% low ya 10 imamveka moipa kuposa 25 yokhazikika. Mavidiyo awiri kapena atatu a anthu osiyana akagwirizana, mwapeza yankho.

Webusaiti ya Notebookcheck ilinso ndi tsamba la khadi lililonse la laputopu, kuphatikizapo UHD Graphics 620, lokhala ndi mndandanda wa magemu ndi FPS yomwe anapeza pa makonzedwe osiyanasiyana. Ndimaikhulupirira kuposa mawebusaiti aja amene amayesa makina anu n'kukupatsani chizindikiro chobiriwira kapena chofiira. Amenewo amangoyerekeza mayina ndi manambala, sadziwa za kutentha kwa laputopu yanu, ndipo nthawi zina amapusitsidwa ndi memori yobwereka ija monga momwe inakupusitsirani inu.

Pa makina ngati anu omwe ndawaonapo, GTA V yakale pa 1280x720, zonse zili pa Normal, imayenda m'ma 20 mpaka cha m'ma 30, malinga ndi malo a mu gemu ndi mmene laputopu ikuzizirira. Chimene chimasiyanitsa kwambiri ndi ramu. Bwererani mu Task Manager, pa Memory, muwerenge mzere wa Slots used. EliteBook 840 G5 ili ndi malo awiri a ramu, ndipo zambiri zimabwera ndi kamtengo kamodzi ka 8 GB. Popeza UHD 620 ilibe memori yakeyake, liwiro la ramu ndilo liwiro lake. Kuika kamtengo kachiwiri ka DDR4 ka 8 GB kofanana ndi koyamba kumatsegula njira yachiwiri yodutsa uthenga, ndipo pa magemu kusintha kwake kumaoneka ndi maso. Uku ndiye kuwonjezera zida kokhako komwe ndingakulangizeni kulipirira, ndipo kukuthandizaninso pa ntchito zina. Koma ndinene mosabisa, ngakhale mutaika 32 GB, FC 25 siisintha maganizo. Khadi la zithunzi la laputopu yotere silichotsedwa kapena kusinthidwa, ndipo wina akakuuzani kuti ali ndi pulogalamu yowonjezera VRAM, sungani ndalama zanu.

Mukasankha kuyesa GTA V, gwiritsani ntchito lamulo la Steam lobweza ndalama: mukapempha pasanathe masiku 14 chigulireni, ndipo mwasewera maola osakwana awiri, amabweza. Nthawi yotsitsa gemu pa Steam siiwerengedwa m'maola awiriwo, koma masiku 14 aja amayamba kuwerengedwa tsiku logula, ndiye musagule bandulo isanakonzeke. Mukangodina Play wotchi yayamba, ngakhale mukadali pa Rockstar Games Launcher kulimbana ndi akaunti, choncho akauntiyo itsegulirenitu. Lumikizani chaja, chifukwa pa batire laputopu imadzichepetsera mphamvu ndipo muiweruza molakwa. Ikani pa tebulo, osati pa bedi. Tsekani Chrome. Mu gemu muli choyesera chake pa tsamba la Graphics, chiyendetseni, kenako sewerani mphindi 30 mosalekeza kuti muone mmene zikhalire makina akatentha. Kukakhala kotentha ngati mu Okutobala, zomwe mupeze masana ndizo zoona zake. Bandulo yokha ndiyo siibwezedwa, n'chifukwa chake ntchito yoonera mavidiyo ija iyenera kuchitika musanadine chilichonse.

Magemu okopera pa hadi dilaivu kwa anyamata a m'tauni amaoneka ngati njira yachidule yopulumutsira bandulo. Zofuna zake pa makina ndi zomwezo, sizitsika, ndipo laputopu zambiri zomwe zimandipeza zili ndi mavairasi zimakhala zadutsa kumeneko. Ngati pa laputopupo pali ntchito ya sukulu kapena mumalowerapo ku banki, ine sindingayerekeze.

Kwa amisiri mupiteko pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi ramu ija, ngati simunatsegulepo laputopu. Apempheni kuti akuonetseni mu Task Manager kuti Slots used yasintha kukhala 2 of 2 musanachoke pa shopu. Chachiwiri ndi kutentha. Pulogalamu yaulere ya HWiNFO imaonetsa kutentha kwa pulosesa, ndipo malire a i5-8250U ndi madigiri 100. Ikamakhala m'ma 90 nthawi yonse ya gemu, kapena laputopu ikamazima yokha, kapena fani ikamalira koma mphepo yotuluka ili yochepa, ndiye kuti fumbi latseka njira kapena phala loziziritsa pulosesa lauma. Imeneyo ndi ntchito yaing'ono kwa mmisiri wodziwa, ndipo pa laputopu ya zaka zimenezi yomwe sinatsegulidwepo imabweza liwiro lomwe linatayika. Mukaona mizere kapena timabokosi ta mitundu pa sikirini, yambani mwaika dalaiva watsopano wa zithunzi kuchokera pa webusaiti ya HP kapena ya Intel, ndipo zikapitirira ngakhale kunja kwa gemu, siyani kusewera mupite nayo ikaonedwe.

Ngati mpira ndiwo mukuufunitsitsa, ndalama ya FC 25 isungeni ikhale poyambira kugula makina ena. Podzagula, mudzatsegule dxdiag pa shopu pomwepo, ndipo mudzayang'ane mzere wa Display Memory (VRAM) pa khadi la NVIDIA kapena AMD. Pa FC 25 pakufunika pafupifupi 4000 MB pa mzere umenewo, dzina la khadi likhale GTX 1650 kapena loposerapo, ndipo wogulitsa akuloleni kuyendetsa gemu kwa mphindi 20 chaja ili yolumikiza musanapereke ndalama.